Masekondi 30, Yunifolomu Ziwiri ndi Makope Asanu

Ndimasungabe pepala lina lopindika pakati m'chikwama changa cha ntchito. Ndi uthenga wamalonda wa pa wailesi umene ndinalembera mwini sitolo wina wogulitsa yunifolomu ndi zipangizo za sukulu, kutatsala masabata awiri kuti sukulu zitsegulidwe. Pepalalo ndi lodzaza ndi mizere ya cholembera chofiira, ndipo amene anakhwatcha si ine. Anakhwatcha ndi mayi wina wowerenga malonda, amene tsiku limenelo anandiphunzitsa chinthu chomwe ndinali ndisanachiganizirepo, ngakhale ndinali nditalemba kale mauthenga angapo.

Dzina la sitoloyo sinditchula. Ndiziitcha Sitolo Yakuti, popeza dzina limeneli likutenga nthawi yofanana pakamwa ndi dzina lake lenileni.

## Zimene mwini sitolo anafuna

Bamboyo analipira malo a masekondi 30 pa wailesi, ndipo anafuna kuti ndalama yake igwire ntchito yonse. Anandipatsa mndandanda wa katundu wautali, n'kunena kuti, "Chonde musasiyepo kanthu. Munthu akapanda kumva kuti tili ndi masokosi, akagula kwina." Ndinawamvetsa. Katundu ameneyo anali atamutenga kale, ali m'makatoni, ndipo nyengo yogulitsa zinthu za sukulu ndi yaifupi. Ikadutsa, majuzi ndi zikwama zimangokhala pa shelefu mpaka teremu ina.

Ine ndinali ndi lamulo lomwe ndinaliwerengapo ndipo ndinkalikhulupirira: masekondi 30 amanyamula mawu pafupifupi 75, chifukwa munthu wowerenga bwino amatchula mawu 150 pa mphindi imodzi. Ndinalemba, n'kuwerengetsa, n'kupeza mawu 68. Ndinaona kuti malo alipo, mwinanso otsala. Uthengawo unali wotere:

WOLENGEZA: Makolo nonse tcherani khutu! Sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa ndipo ife a Sitolo Yakuti takukonzerani katundu yense wa ana anu: yunifolomu za anyamata ndi atsikana, malaya, makabudula, masiketi, madilesi, majuzi, masokosi, nsapato, zikwama, makope, zolembera, mapensulo, malula, zofufutira ndi zina zambiri, zonse pa mitengo yotsika kwambiri. Mukagula yunifolomu ziwiri mulandira makope asanu aulere. Fulumirani, katundu ndi wochepa! Tiyimbireni pa nambala iyi. Sitolo Yakuti, bwenzi la makolo ndi ana asukulu.

Pamene pali mawu akuti "nambala iyi" panayenera kutsatira nambala ya foni ya manambala 10. Mwini sitolo anawerenga pepalalo, anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo tinapangana tsiku lokajambula.

## M'situdiyo

Chipinda chojambuliramo chinali chaching'ono, makoma ake okutidwa ndi siponji kuti mawu asamveke kawiri. Mayi wowerenga uja anavala mahedifoni, anayika pepala pa choyimikira kuti lisachite phokoso m'manja, ndipo anasendera pafupi ndi maikolofoni. Mnyamata wojambula anali kuseri kwa galasi, maso ali pa kompyuta. Ine ndinaima pambuyo pake, ndikuona mzere wa nthawi ukuyenda.

Mayiyo anawerenga bwino kwambiri, mawu omveka, osathamanga. Koma pamene mzere uja unafika pa 30, iwo anali atangomaliza kutchula katundu. Za makope aulere anali asanazinene, nambala ya foni inali kutali. Anamaliza pa masekondi 49.

Mnyamata uja anatembenuka n'kunena kuti, "Tiyesenso, koma amayi muthamangeko. Zotsalazo ndifinya pa kompyuta." Anayesanso, nthawi ino akupumira m'mwamba, ndipo anafika pa 39. Mnyamatayo anadula malo onse opumira, n'kufulumizitsa mawu mpaka anakwana pa 30. Titamvetsera, mawu onse analimo, palibe linasowa. Koma zinkamveka ngati munthu akuwerenga mndandanda galimoto ikumusiya.

Mayiyo anavula mahedifoni, anatuluka, n'kuitana mtsikana wina amene ankadikira ntchito yake panja. Anamupempha kuti angomvetsera kamodzi. Utatha, anamufunsa kuti, "Achemwali, mwamva kuti chiyani?" Mtsikanayo anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, "Akugulitsa za sukulu." Anamufunsanso kuti, "Ndani akugulitsa? Nanga mukapitako mupindula chiyani?" Sanayankhe. Dzina la sitolo linatchulidwa kawiri, makope aulere analimo, koma palibe chinatsala m'mutu mwake.

Apa mpamene mayiyo anatenga cholembera chofiira. Sanandidzudzule. Anangoti, "Achimwene, inu mwawerengetsa mawu. Ine pakamwa panga sipatuluka mawu, pamatuluka maphatikizo. Tiyeni tiwerengetse amenewo."

## Kuwerengetsa maphatikizo

Lamulo lija la mawu 75 linapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake ambiri ndi a phatikizo limodzi kapena awiri. Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi. Tengani liwu loti "takukonzerani". Kompyuta imaliwerenga ngati liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo 6: ta-ku-ko-nze-ra-ni. "Yunifolomu" ali ndi 5, "makabudula" 5, "kutsegulidwa" 5. Titadutsa pepala lonse ndi chala, mawu anga 68 anatipatsa maphatikizo 200, nambala ya foni tisanaiphatikize. Ndiye kuti liwu lililonse linali ndi maphatikizo pafupifupi atatu.

Kenaka tinayeza liwiro la mayiyo. Akamawerenga momasuka, moti womvera n'kutsatira bwino, ankatchula maphatikizo 9 pa masekondi awiri alionse. Gawani 200 ndi liwiro limenelo, mupeza masekondi 44. Nambala ya foni ya manambala 10, yotchulidwa m'magulu kuti munthu aigwire, inadya masekondi ena 5. Ndi uyo 49 amene tinaona pa kompyuta. Wotchi sinalakwe, ndipo mayiyo sanachedwe. Pepala ndilo linali lalitali.

Liwiro limeneli ndi la munthu mmodzi. Wina amafulumira pang'ono, wina amakoka mawu, ndiye ndi bwino kuyeza munthu weniweni amene awerenge uthenga wanu: mupatseni ndime ya maphatikizo amene mwawerengetsa kale, muyatse wotchi ya pa foni, awerenge mokweza monga adzachitire pa maikolofoni. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime ndipo sapuma.

Ndiponso masekondi 30 si onse a mawu. Pamafunika kachizindikiro koyambira, monga belu kapena nyimbo, kuti khutu litembenuke. Pamafunika malo opumira pakati pa ziganizo, makamaka ngati olankhula ndi angapo. Kumapeto nakonso pamafunika kampata kuti dzina la sitolo lisagundane ndi malonda otsatira. Ife tinapatula masekondi awiri a belu, awiri opumira ndi imodzi yothera. Anatsala 25, ndipo pa liwiro la mayi uja amenewo ndi maphatikizo pafupifupi 112. Kuchoka pa 200 kufika pa 112 si kukonza apa ndi apo. Ndi kutaya pafupifupi theka la pepala.

Kufinya pa kompyuta kuli ndi malire ake. Ngati mwapitirira ndi sekondi imodzi, wojambula akhoza kukonza womvera osazindikira. Koma mukafinya masekondi 9, chimene chimayamba kuchoka ndi malo opumira, ndipo m'malo amenewo ndi m'mene womvera amagwiriramo zimene wangomva kumene. Pa wailesi munthu sabwerera mzere ngati pa nyuzipepala. Chikamudutsa chamudutsa.

## Chimene tinataya, ndi chifukwa chake

Mayiyo anandifunsa funso limodzi tisanakhwatche chilichonse: "Kholo likamva uthengawu, mukufuna lichite chiyani, ndipo chifukwa chiyani lichite kuno osati kwina?" Yankho linali m'pepala momwemo, koma litabisika pa chiganizo chachitatu: ukagula yunifolomu ziwiri, ulandira makope asanu aulere. Zina zonse sitolo iliyonse ya za sukulu ikanatha kuzinena.

Choyamba kugwa unali mndandanda wa katundu. Zinthu 13 zija zinali ndi maphatikizo 48, masekondi oposa 10, gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yonse yomwe inalipiridwa. Ndipo sizinauze kholo chatsopano. Kholo limene lili ndi mwana wa sukulu limadziwa kale kuti kumene kuli yunifolomu ndi makope, masokosi ndi mapensulo sasowako. Mawu awiri amenewo, yunifolomu ndi makope, akuimira mbali ziwiri zonse za sitolo: zovala ndi zolembera.

Kenaka inagwa nambala ya foni. Izi zinandivuta kuvomereza, chifukwa ndinazolowera kuti uthenga wamalonda umatha ndi nambala. Koma ganizirani munthu amene akumvera. Mwina akusita, mwina akuyendetsa galimoto, mwina ali pa ntchito manja ali otangwanika. Alibe cholembera pafupi, ndipo manambala 10 omveka kamodzi sakhala m'mutu. Kuti akhale, muyenera kuwabwereza, ndiye masekondi 10 apita. Komanso yunifolomu ndi chinthu choyesa pa thupi la mwana. Kholo siliimba foni, limapita. Chimene likufuna ndi kudziwa kolowera, ndipo chizindikiro chimodzi chodziwika cha malo chimakumbukika msanga kuposa nambala. Zikanakhala kuti bizinesiyo imalandira maoda pa foni n'kukapereka katundu kunyumba, nkhani ikanakhala ina: nambala ikanatsala, ibwerezedwe kawiri, ndipo china chikanachoka kuti ipeze malo.

"Mitengo yotsika kwambiri" inachoka chifukwa palibe wamalonda amene amalengeza kuti mitengo yake ndi yokwera, ndiye khutu linasiya kalekale kuwamva mawu amenewo. "Fulumirani, katundu ndi wochepa" tinasintha ndi tsiku lenileni lothera, popeza "fulumirani" sauza munthu kuti afulumire pofika liti. Nawo mawu oyamba aja, "Makolo nonse tcherani khutu", mayiyo anawazunguliza n'kunena kuti munthu akawamva amadziwiratu kuti akubwera ndi malonda, ndipo maganizo amachoka pomwepo. Anati tiyambe ndi chinthu chimene kholo limachimva m'nyumba mwake sabata yotsegulira sukulu.

Sitinachedwe kuchipeza. Mwana watulutsa malaya a teremu yatha, wavala, mabatani sakukumana.

## Pepala lachiwiri

PHOKOSO: Belu la sukulu.

MWANA: Amayi, malaya anga sakundikwananso!

MAYI: Wakulanso? Tiye ku Sitolo Yakuti.

WOLENGEZA: Ku Sitolo Yakuti, mukagula yunifolomu ziwiri, mulandira makope asanu aulere. Yunifolomu ziwiri, makope asanu aulere! Mwayiwu ukutha Loweruka lino. Sitolo Yakuti, moyang'anizana ndi depoti ya mabasi.

Mawu 35, maphatikizo 110. Mwana ali ndi 14, mayi 13, ndipo otsalawo ndi a wolengeza. Dzina la sitolo likumveka katatu: m'kamwa mwa mayi, poyambira pa wolengeza, ndi kumapeto kwenikweni, pamene khutu limagwira kwambiri. Mwayi wa makope ukumveka kawiri, kachiwiriko mwachidule. Wina akhoza kudandaula kuti kubwerezako kwadya maphatikizo 18 amene akanatha kunyamula nsapato ndi zikwama. Ine ndimaona kuti amenewo ndiwo maphatikizo amene anagwira ntchito kwambiri pa pepala lonselo, chifukwa munthu amene anali asanatchere khutu poyamba amaupeza uthengawo ulendo wachiwiri.

Tinalinso ndi maganizo oyika bambo, kuti nkhani ikhale ya banja lonse. Tinawasiya. Munthu aliyense wowonjezera amafuna mpata wake wolowera ndi wotulukira, ndipo womvera amataya kanthawi pozindikira kuti akulankhula ndani. Olankhula atatu pa masekondi 30 ndi okwanira.

Nditamuwerengera mwini sitolo pa foni, anakhala chete kaye. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga masokosi?" Ndinawauza kuti, "Bambo, munthu akabwera kudzatenga makope aulerewo, masokosi awaona yekha pa shelefu. Ntchito ya wailesi ndi kumufikitsa pakhomo panu." Sanakhutire kwenikweni, koma anavomera titagwirizana kuti tidzajambula uthenga wina wachiwiri wa zikwama ndi zolembera zokha, kuti iziulutsidwa mosinthana. Ndimaona kuti imeneyi ndiyo njira yabwino pamene wamalonda ali ndi zinthu ziwiri zofunika kunena: mauthenga awiri afupiafupi, uliwonse ndi nkhani yake, m'malo mopanikiza zonse mu umodzi.

## Liwu limodzi limene linatsala pang'ono kubweretsa mkangano

Tili pafupi kujambula, mnyamata wa pa kompyuta uja anafunsa mongocheza kuti, "Ndiye ndikagula malaya awiri, makope ndilandira?" Ndinaimbiranso mwini sitolo. Yankho linali lakuti ayi: yunifolomu imodzi kwa iwo inali malaya ndi kabudula, kapena bulauzi ndi siketi, kapena dilesi. Malaya awiri okha sanali yunifolomu ziwiri.

Taganizirani kholo limene lamva pa wailesi, lanyamuka ndi mwana, latenga malaya awiri, ndiye pa kauntala likuuzidwa kuti makope palibe. Silinganene kuti silinamvetse. Linganene kuti lanamizidwa, ndipo likauzanso anzake. Choletsa chilichonse chimene chingasinthe zimene munthu alandire chiyenera kumveka mu uthenga momwemo, ndi mawu ofanana ndi amene wogulitsa pa kauntala adzagwiritse ntchito.

Tinawonjezera liwu limodzi pa kutchula koyamba: "yunifolomu ziwiri zathunthu". Za-thu-nthu, maphatikizo atatu, ndipo chiwerengero chinafika pa 113. Kuti tipeze malo, belu tinalifupikitsa kukhala sekondi imodzi, mwana n'kuyamba kulankhula kulira kwake kukuzilala. Uthenga wonse unatha pa masekondi 29, ndipo kampata kotsalako tinakasiya dala. Uthenga wopitirira nthawi yolipiridwa ukhoza kubwezedwa kapena kudulidwa kumapeto, ndipo kumapetoko ndi kumene kuli dzina la sitolo ndi malo ake.

Panalinso vuto la "Loweruka lino". Uthengawo unayenera kuulutsidwa masabata awiri, ndiye sabata yoyamba mawu amenewo akanakhala abodza. Popeza mayiyo anali kale pa maikolofoni, tinajambula chiganizocho kawiri: china choti "Loweruka la mawa" cha sabata yoyamba, china choti "Loweruka lino" cha sabata yomaliza. Titamvetsera, tinaona kuti "la mawa" likhoza kumveka ngati tsiku lotsatira, ndiye tinasintha kukhala "Loweruka la sabata yamawa", ndipo kampata kaja kanangokwanira maphatikizo owonjezerawo. Mafayilo awiriwo tinawalemba masiku oyambira ndi othera pa dzina, kuti a ku wailesi asawasokoneze, komanso kuti uthengawo usapitirire kumveka mwayi utatha.

Nyimbo ya pansi tinasankha yopanda mawu, imene situdiyo inali ndi chilolezo choigwiritsa ntchito. Nyimbo yoimbidwa imalimbana ndi wolengeza, womvera n'kutsatira nyimboyo. Ndipo tisanatumize, mnyamata uja anazimitsa masipika akuluakulu a m'situdiyo n'kutiseweretsa uthengawo pa kasipika ka foni, chifukwa anthu ambiri amamvera pa kawailesi kakang'ono pamalo aphokoso. Pamenepo tinapeza kuti nyimbo ikukwirira liwu loti "asanu", ndipo anaitsitsa.

Mtsikana uja anali akadali panja. Mayiyo anamuitananso, tinamuseweretsa kamodzi kokha, n'kumufunsa mafunso omwe aja. Anatchula dzina la sitolo, anati yunifolomu ziwiri zathunthu makope asanu, anati Loweruka. Pa za malo anazengereza pang'ono, kenaka anati, "Pafupi ndi mabasi." Mayiyo anandibwezera pepala langa lokhwatchidwa lija, n'kuyamba kuvala mahedifoni kuti tijambule uthenga wa zikwama.